Pasiwedi ndi yolondola, koma kompyuta ikuikana

Munthu akalemba pasiwedi yake katatu, kompyuta n'kuikana katatu konse, amayamba kudzikayikira yekha. Ena amaganiza kuti aiwala, ena amathamangira kunena kuti akuba a pa intaneti awalowerera. Zonse ziwirizi zimachitikadi. Koma pali gulu lalikulu la anthu amene sanaiwale kanthu ndipo sanaberedwe kanthu. Pasiwedi ili bwinobwino m'mutu mwawo, zala zawo zikugunda mabatani omwe zimagunda masiku onse, koma zimene zikufika mkati mwa makinawo si zimene iwo akuganiza kuti alemba. Timadontho takuda timene timabisa zilembo pa sikirini timateteza munthu kwa osuzumira, komanso ndi timene timamubisira iye mwini cholakwikacho.

Gwero la vutoli ndi loti kiyibodi sidziwa zilembo zimene zinalembedwa pa mabatani ake. Chilembo chili pa batani ndi utoto chabe. Munthu akadina batani loyamba kumanzere pa mzere wapamwamba wa zilembo, kiyibodi ya USB siuza kompyuta kuti "Q". Imangotumiza nambala ya malo a batanilo, yomwe ndi 20. Kenako pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, kaya ndi Windows, macOS kapena Linux, imayang'ana pa mndandanda wake kuti malo a nambala 20 akuimira chilembo chanji. Zili ngati m'chipinda cha mayeso: woyang'anira akatchula desiki ya nambala 20, kaundula ndiye amanena mwana amene amakhalapo, ndipo kaundula akasinthidwa desikiyo imakhala ya mwana wina. Pa mndandanda wa ku Amereka nambala 20 ndi Q. Pa wa ku Falansa ndi A.

Mindandanda imeneyi, yomwe ndi kasanjidwe ka mabatani, ilipo yambiri chifukwa inachokera ku mataipi akale a m'maofesi. Kasanjidwe kotchedwa QWERTY, kotengera zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira za mzere wapamwamba, kanachokera ku taipi ya Christopher Latham Sholes imene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Maiko ena anakasintha kuti kagwirizane ndi zinenero zawo. Ku Falansa ndi ku Beljiyamu kuli AZERTY. Ku Jeremani kuli QWERTZ, komwe Z ndi Y zinasinthana malo popeza Chijeremani chimagwiritsa ntchito Z kwambiri. Apwitikizi anaika Ç pafupi ndi L, ndipo kiyibodi yotereyi munthu akhoza kuipeza mu ofesi ya ku Tete kapena ku Beira.

Titenge pasiwedi imodzi n'kuyenda nayo. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina anasankha `Zomba@2019`, ndipo anazolowera kuilemba pa kiyibodi ya ku Amereka osayang'ana n'komwe mabatani. Pa kiyibodi imeneyo chizindikiro cha @ chimatuluka akadina Shift ndi 2. Akakhala pa makompyuta otcheredwa m'kasanjidwe kena, zala zake n'kuyenda monga mwa masiku onse, zotuluka zake zimakhala izi:

```
Amereka:     Zomba@2019
Mangalande:  Zomba"2019
Jeremani:    Yomba"2019
Falansa:     Wo,bq2éà&ç
```

Ya ku Falansa ndiyo yasokonekera kotheratu. Z yakhala W, A yakhala Q, pamalo pa M pabwera koma, ndipo manambala onse anayi asanduka zilembo zachilendo, chifukwa pa AZERTY manambala a mzere wapamwamba amafuna Shift. Komabe imeneyi sivutitsa nthawi yaitali. Munthu akangoyang'ana mabataniwo amaona yekha kuti zinthu sizili m'malo mwake.

Yozunza kwambiri ndi ya ku Mangalande, chifukwa imafanana ndi ya ku Amereka pafupifupi paliponse. Zilembo zonse 26 zili pamalo amodzimodzi, manambalanso chimodzimodzi. Munthu akhoza kulemba kalata yathunthu osaona kusiyana. Zimene zinasuntha ndi zizindikiro zochepa chabe: @ ndi " zinasinthana malo, Shift ndi 3 imatulutsa £ m'malo mwa #, ndipo # ili ndi batani lakelake pafupi ndi Enter. Tsoka lake n'lakuti zizindikiro zimenezi ndi zomwe anthu amathamangira akauzidwa kuti pasiwedi yawo ikhale ndi chizindikiro chapadera. @ ndi # ndi zodziwika kwa aliyense, ndipo ndi zomwezo zimene sizikhazikika malo amodzi.

Pali mtundu wina wa vutoli umene umakhala zii kwa zaka, ndipo umakhudza kwambiri anthu ogula malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja. Laputopu yochokera ku Mangalande imabwera ndi mabatani olembedwa mwa kumeneko. Wokonza makompyuta akamaikamo Windows yatsopano, kawirikawiri amangodina kupitirira pa mafunso oyambirira, kasanjidwe n'kutsala ka ku Amereka. Tsopano utoto wa pa mabatani ukunena china, mndandanda wa mkati ukunena china. Mwini laputopu akutsegula akaunti ya imelo, wasankha `Zomba@2019`, wayang'ana pa kiyibodi, wapeza @ pa batani la kumanja kwa mzere wapakati, wadina ndi Shift. Kompyuta yalemba ". Afunsidwa kuti abwereze pasiwediyo, wabwereza momwemo, ziwirizo zagwirizana, akaunti yatseguka. Kuyambira tsiku limenelo pasiwedi yake yeniyeni ndi `Zomba"2019`, koma iye sakudziwa. Pa laputopuyo azilowa tsiku ndi tsiku popanda chovuta, popeza cholakwikacho chimabwerezedwa mofanana nthawi zonse. Tsiku limene adzayese kulowa pa foni, pomwe @ ndi @ weniweni, adzakanidwa. Adzayang'anitsitsa chilembo chilichonse, adzaona kuti zonse zili bwino, ndipo adzakanidwabe.

Munthu wotereyu safunikira pasiwedi yatsopano. Akangolemba " pamalo pa @ pa foni yakeyo, alowa. Malaputopu a ku Japani amachitanso zofanana: @ ili ndi batani lakelake kumanja kwa P, ndipo Windows ikatcheredwa mwa ku Amereka batani limenelo limatulutsa `[`.

Wina angafunse kuti bwanji makinawo sangoona kuti zilembo zisanu ndi zinayi mwa khumi zalondola n'kumukhululukira munthu. Yankho lake n'lakuti malo osamala bwino sasunga pasiwedi yeniyeniyo. Amaidutsitsa m'masamu ena amene amatulutsa mzere wa manambala ndi zilembo wotchedwa hashi, n'kusunga hashiyo. Munthu akabweranso, zimene walemba zimadutsa m'masamu omwewo, ndipo mahashi awiriwo amayerekezedwa. Masamuwa anapangidwa dala kuti kusintha kochepetsetsa kusinthe zotuluka zonse. Njira yakale yotchedwa MD5, yomwe masiku ano siyeneranso kusungira mapasiwedi, imaonetsa bwino zimenezi pa mawu awiri osiyana chilembo choyamba chokha:

```
password  5f4dcc3b5aa765d61d8327deb882cf99
Password  dc647eb65e6711e155375218212b3964
```

Poyang'ana mizere iwiriyi palibe chosonyeza kuti mawu ake ndi apachibale. N'chifukwa chake wa ku ofesi ya makompyuta sangauze munthu kuti walakwitsa chilembo chachisanu ndi chimodzi. Iyenso sakuiona pasiwediyo, ndipo m'pabwino kuti asamaione.

Apa m'pamene batani la Caps Lock limalowera. Kwa kompyuta, A ndi nambala 65 pomwe a ndi 97. Ndi zinthu ziwiri zosiyana monga momwe A amasiyanirana ndi B. Pa Windows, Caps Lock ikayaka imatembenuza zonse: `Zomba` imakhala `zOMBA`, chifukwa Shift imene munthu wadina pa Z imabweza chilembocho kukhala chaching'ono. Pa kompyuta ya Mac, Shift siibweza, ndiye pamatuluka `ZOMBA`. Pa makiyibodi a ku Falansa ndi ku Jeremani mu Windows, Caps Lock imakhudzanso mzere wa manambala, chinthu chimene wozolowera kiyibodi ya Chingerezi sangachiyembekezere. Mnzake wa Caps Lock, amene anthu amamuiwala, ndi Num Lock. Malaputopu ang'onoang'ono ambiri, makamaka akale, alibe mabatani a manambala kumanja, choncho Num Lock ikayaka mabatani a zilembo ndiwo amasanduka manambala: J, K ndi L amakhala 1, 2 ndi 3, U, I ndi O amakhala 4, 5 ndi 6, ndipo M amakhala 0. Pamenepo `Zomba` imatuluka `Z60ba`.

Zolakwika zazing'onozi zinayezedwapo. Mu 2016 akatswiri ena, pamodzi ndi kampani ya Dropbox, anafalitsa kafukufuku wa zimene zimalepheretsa anthu kulowa m'maakaunti awo. Anapeza kuti pa maola 24, anthu pafupifupi 3 mwa 100 alionse amene anayesa kulowa analephera chifukwa cha zolakwika zitatu zokha: Caps Lock yoyaka, chilembo choyamba chosinthika kukula, ndi chilembo chimodzi choonjezera kumapeto. Kampani ya Facebook inali itaziona kale zimenezi. Mu 2011 inavomereza poyera kuti imalandira pasiwedi yotembenuzidwa ndi Caps Lock, komanso imene foni yakulitsa chilembo chake choyamba. Zimatheka popanda kusunga pasiwedi yeniyeni, chifukwa makinawo akhoza kukonza okha zimene munthu walemba n'kuyesanso hashi yake. Malo ambiri sachita zimenezi, ndipo amene anazolowera kukhululukidwa pa Facebook asayembekezere zomwezo ku banki.

Chilembo choonjezera kumapetocho nthawi zambiri chimakhala mpata. Kwa munthu mpata si kanthu, koma kwa kompyuta ndi chilembo chathunthu, nambala 32. Umalowa mwakachetechete. Wogwira ntchito watsopano walandira pasiwedi yoyambira pa uthenga wa pa foni kapena pa imelo, waikopera, ndipo chala chakoka pang'ono kupitirira chilembo chomaliza. Mu Word, kudina kawiri pa liwu kumasankha liwulo pamodzi ndi mpata wotsatira. Pa foni, kudina liwu limene kiyibodi yalosera kumaika mpata pambuyo pake. Zimenezi zimachitika kwambiri m'bokosi la dzina kapena la imelo, ndipo uthenga wobwera umangoti dzina kapena pasiwedi yalakwika, munthu n'kumalimbana ndi pasiwedi yosalakwa. Malo ena amadula mipata ya kumapeto, ena sadula, ndipo oipitsitsa ndi amene amadula potsegula akaunti koma osadula polowa. Njira yougwirira mpata ndi yapafupi: kuwerenga timadontho. `Zomba@2019` ili ndi zilembo 10. Timadontho tikakhala 11, china chalowa.

Kuwerenga komweku kumagwiranso vuto lina limene limakhudza Chichewa mwachindunji. M'makasanjidwe ena muli mabatani amene akadinidwa satulutsa kanthu, amadikira chilembo chotsatira kuti achiveke kachizindikiro pamwamba. Pa kiyibodi ya Chipwitikizi ndi momwe amalembera ã ndi é. Kasanjidwe ka Windows kotchedwa United States-International, kamene anthu amakasankha mwangozi poganiza kuti n'kamodzimodzi ndi ka US, kamachititsa batani la ' kukhala lodikira motero. Munthu amene pasiwedi yake ili ndi `ng'ombe` akalemba ' kenako o, ziwirizo zimaphatikizana n'kutuluka `ngómbe`. Wadina mabatani asanu ndi awiri, timadontho tatuluka tisanu ndi kamodzi. Kuti ' ituluke yokha pa kasanjidwe kameneka, amayenera kudina batani la mpata pambuyo pake.

Kachizindikiro ka mu `ng'` kali ndi msampha winanso. Kamene kali pa kiyibodi ndi kowongoka, ndipo nambala yake mu Unicode, womwe ndi mndandanda wa zilembo za dziko lonse, ndi `U+0027`. Koma Word imakasintha yokha kukhala kopindika, `U+2019`, ndipo mafoni a iPhone anayamba kuchita chimodzimodzi mu 2017 pamene kunabwera iOS 11 ndi Smart Punctuation. M'bokosi la pasiwedi foni nthawi zambiri sisintha kanthu. Ngozi imabwera munthu akalemba pasiwediyo pena, monga m'manotsi a pa foni, n'kuikopera kuchokera kumeneko. Pa sikirini yaing'ono tizizindikiro tiwiriti n'tovuta kusiyanitsa, koma hashi yake imasiyana kotheratu.

Pansi pa zonsezi pali gawo lomaliza, pomwe chilembo chimasanduka manambala otumizidwa pa waya, otchedwa mabayiti. Zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro wamba, zokwana 95 kuphatikizapo mpata, zili mu mndandanda wakale wa ASCII umene unayamba mu 1963, ndipo pafupifupi makina onse amagwirizana pa manambala ake. Kupitirira apo mgwirizano umachepa. Chizindikiro cha £ m'kalembedwe kakale ka Windows ka maiko a kumadzulo kwa Ulaya ndi bayiti imodzi, `A3`. M'kalembedwe ka UTF-8, kamene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992 ndipo lero kali pafupifupi paliponse pa intaneti, ndi mabayiti awiri, `C2 A3`. Pasiwedi yokhala ndi £ imene inasungidwa kudzera pa tsamba lakale ikhoza kukanidwa pa apu yatsopano ya bungwe lomwelo, ngakhale munthu walemba £ yeniyeni pa kiyibodi yolondola.

Ngakhale mkati mwa Unicode momwe chilembo chimodzi chikhoza kulembedwa pawiri. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba mu dzina la Malaŵi, chili ndi nambala yakeyake, `U+0175`. Chikhozanso kupangidwa ndi w wamba wotsatiridwa ndi kachipewa kapadera, `U+0302`. Pa sikirini ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, koma choyamba ndi mabayiti awiri ndipo chachiwiri ndi atatu:

```
ŵ  C5 B5
ŵ  77 CC 82
```

Bungwe la boma la Amereka loona za miyezo, la NIST, linalangiza mu 2017 m'chikalata chake cha SP 800-63B kuti malo olandira zilembo zotere aziyamba azifananitsa kalembedwe kake asanapange hashi. Chikalata chomwecho chinalangizanso kuti munthu azipatsidwa mwayi woona zimene akulemba, ndipo aziloledwa kumata pasiwedi yokopera. Ndi malangizo abwino, ndipo n'zokhumudwitsa kuti malo ambiri amene amaumiriza anthu kuika chizindikiro chapadera salabadira zoti chizindikirocho chifike chimodzimodzi kuchokera pa makina osiyanasiyana. Mlandu umagwera wogwiritsa ntchito pomwe wolakwa ndi wopanga.

Amene wakanidwa kawiri ayenera kuima kaye. Malo ambiri amatseka akaunti munthu akalephera kangapo motsatizana, choncho kubwereza zomwezo mwaukali n'kungotaya mwayi wotsalawo. Choyamba ndi kudina kachithunzi ka diso m'bokosi la pasiwedi ngati kalipo, ataonetsetsa kuti kumbuyo kwake kulibe munthu. Ngati kulibe, ayese mabatani okayikitsawo pamalo poonekera, monga mu Notepad kapena m'bokosi la dzina, koma alembe zizindikiro zokhazo, `@ # " '` ndi zilembo monga z, y, a ndi m, kenako afufute. Asalembe pasiwedi yonse m'bokosi la dzina kapena lofufuzira, makamaka pa kompyuta ya anthu ambiri, chifukwa mabokosi amenewo amakumbukira zolembedwamo ndipo wobwera pambuyo akhoza kuziona.

Zotuluka zikasiyana ndi zimene amayembekezera, ayang'ane pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini ya Windows, pafupi ndi wotchi. Pakakhala makasanjidwe oposa amodzi pamaoneka zilembo monga `ENG US` kapena `ENG UK`, ndipo zimaonekanso pa sikirini yolowera kompyuta ikangoyaka. Batani la Windows pamodzi ndi la mpata limasintha kasanjidwe. Alt ya kumanzere pamodzi ndi Shift imachitanso chimodzimodzi, ndipo apa m'pamene ambiri amasinthira mosadziwa, chala chikaterereka pofuna Shift yokha. Kiyibodi ya pa sikirini, imene imatseguka polemba `osk` kapena kudzera pa kachithunzi ka zothandizira olumala pa sikirini yolowera, imaonetsa kasanjidwe kamene kompyuta ikugwiritsadi ntchito, posatengera utoto wa pa mabatani. Pa kiyibodi ya Chipwitikizi @ imatuluka ndi AltGr ndi 2, pa ya ku Jeremani ndi AltGr ndi Q, pa ya ku Falansa ndi AltGr ndi 0. Pomwe pali mabatani a manambala kumanja, kugwira Alt n'kulemba 64 kumatulutsa @ m'mabokosi ambiri a Windows, kasanjidwe kakhale kotani.

Kusintha pasiwedi kukhale komaliza, ndipo kusachitikire pa kiyibodi yokayikitsayo. Munthu akapanga pasiwedi yatsopano pa kompyuta yosokonekera kasanjidwe, amabzala vuto lomwe lija mwatsopano: lero alowa, mawa pa makina ake akanidwa.

Posankha yatsopanoyo, amene amayendayenda pakati pa makompyuta osiyanasiyana amapindula ndi pasiwedi yaitali ya mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ya zilembo wamba, kusiyana ndi yaifupi yodzaza zizindikiro. Kutalika kumawonjezera mphamvu popanda kudalira mabatani osuntha. Ngati malowo akuumiriza chizindikiro, mpumiro wa dontho uli pamalo amodzimodzi pa makiyibodi a ku Amereka, Mangalande, Jeremani ndi a Chipwitikizi, ndipo ! imatuluka ndi Shift ndi 1 pa onsewa. Zilembo monga ŵ, é ndi £ ndi bwino kuzipewa, makamaka pa pasiwedi imene imafunsidwa kompyuta isanatsirize kuyaka. Pa nthawi imeneyo kasanjidwe kamene munthu anasankha kamakhala kasanayambe kugwira ntchito. BitLocker, imene imakhoma zonse za mu kompyuta ya Windows, imawerenga mabatani mwa ku Amereka pa sikirini yake yoyambirira, ndipo kampani ya Microsoft imachenjeza yokha za zimenezi. Amene wakodwa pamenepo amatsegula ndi kiyi yopulumutsira ya manambala 48, imene imaperekedwa tsiku loyatsa BitLocker ndipo iyenera kusungidwa kunja kwa kompyutayo, papepala kapena mu akaunti ya Microsoft. Kiyiyo ndi manambala okhaokha, ndipo ikhoza kulembedwanso ndi mabatani a F1 mpaka F10, pomwe F10 imaimira 0, kuti ngakhale wa kiyibodi ya ku Falansa athe kuilemba.